Kalata yopempha kufufuza Chindali

Tiyerekeze kuti wophunzira digiri yachiwiri ku Zomba walembera kalata mphunzitsi woti amuyang'anire pa kafukufuku. Akufuna kufufuza Chindali, chiyankhulo cha m'boma la Chitipa chomwe chimayankhulidwanso kummwera kwa Tanzania. Akangolemba kuti "ndikufuna kufufuza magulu a mayina a m'Chindali", mphunzitsiyo amuuza kuti ena anadutsamo kale, pakuti Robert Botne anatulutsa buku la galamala ya Chindali cha ku Malawi mu 2008. Choncho kalatayo iyenera kukhala ndi funso limodzi, laling'ono koma lakuthwa.

Amene anaphunzira Chichewa kusukulu akukumbukira magulu a Mu-A, Mu-Mi, Chi-Zi ndi ena. Dzina ndilo limalamula mneni: timati mpeni wasowa, chipewa chasowa. Chindali nachonso chimatero, kungoti dzina limayamba ndi lembo laliwu lomwe Chichewa chilibe, monga umundu, munthu, ndi abandu, anthu.

Zimavuta mayina awiri a magulu osiyana akakumana. Mpeni ndi chipewa, wasowa kapena chasowa? Ambiri timati zasowa. Nanga mwana ndi mbuzi? Apa pakamwa pamalemera. Kunena kuti zasowa n'kumusandutsa mwanayo chinthu, ndiye ambiri amangozemba n'kuti mwana wasowa pamodzi ndi mbuzi. Greville Corbett ndi Al Mtenje analemba za vuto limeneli m'Chichewa mu 1987, ndipo wophunzira wathu akhoza kutsamira pamenepo:

"A Pulofesa, ndikupempha kuti mundiyang'anire pa kafukufuku wanga. Ndikufuna kudziwa mgwirizanitsi amene mneni wa m'Chindali amatenga pamene mwininkhani ali mayina awiri a magulu osiyana: munthu ndi munthu, chinthu ndi chinthu, munthu ndi nyama. Ndiyesanso kusinthanitsa malo a mayinawo kuti ndione ngati mneni amatsata dzina limene ali nalo pafupi."

Mphunzitsi wochenjera sakhalitsa pa funsolo. Amathamangira pa njira yotolera ziganizo, poti ntchito zambiri zimafera pomwepo. Ukamufunsa munthu wa ku Chitipa m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kuti amasulire chiganizo, akhoza kungotengera mgwirizano wa chiyankhulo chimene wamufunsiracho, iwe n'kulemba kuti ndi Chindali. Kalata yabwino imanena mmene idzapewere zimenezi: kuonetsa anthu zithunzi kuti afotokoze okha zimene akuona, kujambula nthano ndi macheza atapereka chilolezo, kenako kufananiza. Mgwirizanitsi amene akupezeka m'zomasulira zokha, m'nthano mulibe, ndi wokayikitsa.

Wophunzirayo aneneretu za amene adzawafunse. Ku Chitipa Chindali chimakhala pakati pa Chisukwa ndi Chilambya, ndipo banja limodzi likhoza kuyankhula ziwiri kapena zitatu. Ayenera kulemba zaka za munthu aliyense, mudzi wake ndi chiyankhulo cha amayi ake, kuti agogo ndi mdzukulu akasiyana mayankho, adziwe ngati chiyankhulo chikusintha kapena wangosakaniza ziyankhulo ziwiri m'kope limodzi.