Banki ikadula ndalama zomwe simukuzidziwa, kalata yanu inene chiyani?

Anthu ambiri amazindikira kuti ndalama zadulidwa pa akaunti yawo ali kale pa makina a ATM, pamene makinawo akukana kutulutsa ndalama zomwe iwo akudziwa kuti zilimo. Amalowa m'banki, nkuima pamzere, nkudandaula pa kauntala. Kalaliki amayang'ana pa kompyuta nkunena kuti nkhaniyo aiona. Patapita masiku kumabwera yankho lalifupi, pa kalata kapena pa imelo, loti ndalamazo zinadulidwa moyenera malinga ndi mgwirizano wa akaunti yanu. Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi. Koma yankho lotere silinafotokoze kanthu, ndipo liyenera kuyankhidwa ndi kalata.

Tiyerekeze mayi wina, mphunzitsi wa pulayimale, yemwe malipiro ake amadzera kubanki. Anali ndi ngongole kubanki komweko ndipo anamaliza kubweza mu Malichi 2025. Pa 28 Epulo pa akaunti yake padulidwa K37,500. Pa 28 Meyi padulidwanso K37,500. Tsiku la 30 la mwezi uliwonse banki imatumiza lendi kwa eni nyumba molamulidwa ndi mayiyu, koma mu Meyi ndalama zaperewera, lendi sinapite, ndipo banki yadula chindapusa cha K6,000 chifukwa cha kulephereka kumeneko. Mayi wadandaula pakamwa, ndipo pa 9 Juni walandira yankho la mizere itatu loti ndalamazo nza inshulansi. Iye sakukumbukira kuti analowa inshulansi iliyonse.

Asanagwire cholembera, mayiyu ayenera kutenga sitetimenti yathunthu. Mauthenga a pa foni sakwana, chifukwa amadula mawu, ndipo ena safika nkomwe. Sitetimenti imaonetsa tsiku, ndalama, mawu ofotokozera ndi nambala yomwe banki inapereka pa kudulako. Zomwe zatuluka zimakhala pansi pa mawu oti Debit kapena DR, zomwe zalowa pansi pa Credit kapena CR. Apemphe ya miyezi isanu ndi umodzi, osati mwezi umodzi wokha, chifukwa funso loyamba ndi lakuti kudulaku kunayamba liti. Ngati K37,500 inkadulidwa ngongole isanathe, mwina inshulansiyo inali yomangiriridwa ku ngongole ndipo banki inaiwala kuiimitsa. Ngati yayamba mu Epulo, ndiye kuti pali wina amene anaiyambitsa, ndipo payenera kukhala pepala lomwe anatsamirapo.

Sitetimenti imathandizanso kusiyanitsa mitundu ya ndalama zodulidwa, pakuti banki siiyankha mofanana. Pali zomwe banki imadzilipiritsa yokha, monga za kusunga akaunti mwezi ndi mwezi kapena zotapira ndalama pa makina a banki ina. Zimenezi zimayenera kugwirizana ndi mndandanda wa mitengo womwe banki imaika poyera, choncho chofunsa ndi chakuti mtengowo uli pa mzere uti wa mndandandawo. Pali zomwe banki imadula nkupereka kwa kampani ina, monga ya inshulansi kapena yobwereketsa ndalama. Apa chofunsa ndi chilolezo chomwe mwini akaunti anasaina. Pomaliza pali zogulidwa ndi khadi, pa sitolo kapena pa intaneti. Izi zokha sizidikira kalata: imbani foni tsiku lomwelo kuti khadi itsekedwe, kalata ibwere pambuyo, chifukwa ngati nambala ya khadi ili m'manja mwa mbava, tsiku lililonse lodikira ndi ndalama zina zotuluka. Makampani a makhadi monga Visa ndi Mastercard alinso ndi malire a masiku otsutsira malonda, ndipo malirewo akadutsa banki yanu imasowa pogwira. Komabe musanathamange, kumbukirani kuti dzina lolembedwa pa sitetimenti nthawi zina limakhala la kampani yomwe ndi mwini wa sitolo, osati lomwe lili pa chikwangwani. Yerekezani tsiku ndi ndalama ndi malisiti omwe muli nawo.

Za mayi wathu zili mu mtundu wachiwiri, choncho mtima wa kalata yake ndi chilolezo. Pamwamba alembe keyala yake, nambala ya foni ndi tsiku, kenako keyala ya nthambi yomwe anatsegulirako akaunti. Mutu wa kalata utchule dzina lake monga lilili kubanki, nambala ya akaunti, ndi nambala ya kalata yomwe akuyankha. Thupi lake likhoza kukhala motere.

"Kwa a Manijala. Bwana, ndalandira kalata yanu ya pa 9 Juni 2025 yoyankha dandaulo langa. Mwanena kuti ndalama zomwe zinadulidwa pa akaunti yanga nza inshulansi. Ine sindikuidziwa inshulansi imeneyi ndipo sindikuvomereza kudulidwa kwa ndalamazi.

Ndalama zomwe ndikutsutsa ndi K37,500 ya pa 28 Epulo 2025, K37,500 ya pa 28 Meyi 2025, ndi chindapusa cha K6,000 cha pa 30 Meyi 2025, chomwe chinabwera chifukwa ndalama za lendi zinaperewera potsatira kudula kwa pa 28 Meyi. Zonse pamodzi ndi K81,000. Ndazilemba mzere kunsi pa fotokope ya sitetimenti yomwe ndaphatikiza.

Ndikupempha kuti mundiuze dzina la kampani yomwe inalandira ndalamazi ndi nambala ya inshulansiyo, komanso mundipatse fotokope ya fomu yomwe ndinasaina yololeza kudulaku. Ngati inshulansiyi inali ya ngongole yanga, ngongoleyo ndinamaliza mu Malichi 2025, ndipo umboni wake ndaphatikiza. Ngati chilolezo palibe, kapena chinatha pamodzi ndi ngongole, ndikupempha kuti mubweze K81,000 ku akaunti yanga. Ndikupemphanso kuti kudulaku kuimitsidwe lero lomwe pamene mukufufuza.

Ndidzathokoza kulandira yankho lolembedwa pofika pa 26 Juni 2025. Tsikuli likadutsa ndidzatengera nkhaniyi ku Reserve Bank of Malawi. Ine wanu mokhulupirika."

Pansi pake asaine siginecha yomweyo yomwe anasiya kubanki potsegula akaunti, chifukwa pempho loimitsa kapena kubweza ndalama amayamba alifananiza ndi siginecha imeneyo. Makalata ambiri a kubanki amalembedwa m'Chingerezi, ndipo amene akufuna akhoza kupempha mnzake kuti amumasulire. Chachikulu nchakuti mawu ndi manambala a pa sitetimenti akoperedwe momwe alili, chilembo ndi chilembo, pakuti wofufuza adzawalemba mu kompyuta momwemo.

Onani kuti m'kalatayi mulibe mbiri ya mavuto a pakhomo, mulibenso mawu oti akuba. Mkwiyo wa mayiyu ndi womveka ndithu: K81,000 kwa mphunzitsi si ndalama yochepa, ndipo manyazi okagogoda kwa eni nyumba kukapepesa palibe angamubwezere. Koma munthu amene adzawerenge kalatayi si amene anadula ndalamazo. Ndi wantchito amene ali ndi mulu wa madandaulo, ndipo yomwe angaigwirire ntchito msanga ndi yomwe yamuuza tsiku, ndalama ndi chochita. Kalata yongonena kuti "mukumandidula ndalama zambiri" imayankhidwa ndi mizere itatu ngati ija. Kalata yoti "ndionetseni fomu yomwe ndinasaina" ili ndi mayankho awiri okha: fomu ilipo, kapena palibe.

Chindapusa cha K6,000 chija ndi chomwe anthu ambiri amachiiwala. Banki ikavomera kulakwa, kawirikawiri imabweza zomwe zapemphedwa basi. Ngati kudula kolakwika kunabereka zolipira zina, monga chindapusa, chiwongoladzanja chifukwa akaunti inalowa m'ngongole, kapena msonkho wa pa chindapusacho ngati walembedwa pa mzere wakewake, zonsezo zitchulidwe ndi masiku ake. Chimodzimodzinso pempho loimitsa kudula. Kalata ya mayiyu ikulembedwa pa 12 Juni, ndipo kumapeto kwa mwezi sikuli patali. Popanda chiganizo chimenecho, K37,500 yachitatu idzachoka nkhani ikadali pa desiki.

Pali zinthu zomwe siziyenera kulowa m'kalata ngakhale pang'ono. PIN ya khadi, mawu achinsinsi olowera pa intaneti, manambala atatu a kumbuyo kwa khadi ndi manambala omwe amabwera pa foni otsimikizira malonda, zonsezi banki sizifuna pofufuza dandaulo. Ngati mwalemba kalata kenako wina nkuimba foni akudzitcha wa kubanki, nkunena kuti mumuuze manambalawo kuti akubwezereni ndalama, dulani foniyo. Mbava zimadziwa kuti munthu amene akudikira ndalama zake amakhulupirira msanga. Pa khadi ndikokwanira kulemba manambala anayi omalizira. Mapepala a umboni nawo perekani mafotokope, enieniwo akhale kunyumba.

Kaperekedwe ka kalata nkofunika ngati kalembedwe kake. Pitani ndi makope awiri, ndipo wolandirayo adinde chidindo cha banki pa yanu, alembe tsiku ndi kusaina. Funsani nambala ya dandaulo lanu ndipo muilembe pa kope lomwelo. Ngati mukutumiza pa imelo, gwiritsani ntchito keyala ya imelo yomwe banki ili nayo m'mabuku ake, ndipo sungani uthenga wotsimikiza kuti yafika. Popanda chidindo kapena uthenga wotero, mwezi wamawa mukhoza kuuzidwa kuti kalata yanu sakuiona, ndipo masiku adzayambiranso kuwerengedwa.

Yankho likabwera likhoza kukhala lokoma kapena lowawa. Banki ikanena kuti yabweza, tengani sitetimenti ina muone ndalamazo kumbali ya zolowa, muwonkhetse nokha ngati zakwana K81,000, ndipo mwezi wotsatira muonenso ngati kudula kwaimadi. Koma zikhoza kutheka kuti banki itulutse fomu yokhala ndi siginecha yanu yeniyeni, yomwe munasaina pakati pa mapepala ambiri tsiku lotenga ngongole. Zikatero kubweza kumavuta, ndipo chotsalira ndi kuwerenga fomuyo mosamala: ikunena ndalama zingati, mpaka liti, ndipo inshulansiyo imathetsedwa bwanji. Ngati ikunena kuti imatha ngongole ikatha, mlandu wa mayi wathu ukadalipo. Ngati siginechayo si yake, nkhani yasanduka yachinyengo, ndipo ayenera kudziwitsa banki mwa kalata ina ndi kukanena kupolisi.

Banki ikakhala chete, kapena ikabwereza yankho lakale popanda umboni, khomo lotsatira ndi Reserve Bank of Malawi. Pansi pa lamulo la Financial Services Act la 2010, Gavanala wa banki yaikuluyi ndiyenso woyang'anira mabungwe onse a zachuma, kuphatikizapo mabanki ndi makampani a inshulansi, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Kumeneko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kubanki kwanu. Mayi wathu adzanyamula yankho la pa 9 Juni, kope la kalata yake ya pa 12 Juni yokhala ndi chidindo, sitetimenti ya miyezi isanu ndi umodzi, umboni woti ngongole inatha, ndi kalata yatsopano ya tsamba limodzi yofotokoza zomwe zinachitika motsatana masiku ake, ndi ndalama zomwe akufuna zibwezedwe.