Nkhalamba, wailesi ndi nyimbo ya mphindi zitatu

Mwa nkhani zazifupi zimene olemba ongoyamba kumene amandipatsa kuti ndiziwerenge, pali imodzi imene imabwerabwera ngakhale olembawo sadziwana. Nkhalamba yakhala pakhonde madzulo, wailesi ili pambali, ndipo mwadzidzidzi mukumveka nyimbo ya masiku amene inkafunsira mbeta. Sinditopa nayo nkhaniyi, chifukwa pafupifupi tonsefe tinaonapo agogo athu atasiya zimene amachita, atayang'ana kutali, nyimbo ikulira. Koma ambiri amailemba ngati mbiri ya pamaliro: anabadwa chaka chakuti, anakwatira, anabereka ana akuti. Pofika tsamba lachitatu nyimbo ija yaiwalika kalekale. Ndikufuna tiitsate nkhani imodzi yotere kuchokera pachiyambi, tione pamene imagwira ndi pamene imathyokera.

Ntchito yoyamba ndi masamu, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Tinene kuti nkhani ikuchitika mu 2024 ndipo mkuluyu ali ndi zaka 76. Ndiye kuti anabadwa mu 1948, ndipo ngati ankafunsira ali ndi zaka 24, chaka chake ndi 1972. Chaka chimenechi ndicho chimalamula zonse zotsala. Pamenepo nyumba youlutsa mawu m'dziko muno inali imodzi yokha, MBC, imene inayamba mu 1964. Radio 2 inadzabwera mu 1997, Zodiak mu 2005. Ndalama ya kwacha inali itangolowa kumene mu 1971, choncho mnyamata wa nthawi imeneyo pakamwa pake pankatulukabe mawu a mapaundi ndi mashereni. Wailesi imene ankamvera ikhoza kukhala ya Nzeru, ija inkapangidwa mu Blantyre momwemuno, ndipo mwina sinali yake, inali ya mphunzitsi kapena ya mwini golosale. Wolemba akamupatsa mkuluyu nyimbo imene inatuluka iye ali kale ndi ana asanu, owerenga achikulire amazindikira nthawi yomweyo ndipo amasiya kumukhulupirira pa china chilichonse.

Kwa munthu wa 1972 wa dera la Chileka, nyimbo yomuyenera ndi kwela ya Daniel ndi Donald Kachamba, ya gitala, chitoliro ndi babatoni wa chingwe chimodzi. Akanakhala wa ku Thyolo, wocheperapo zaka, ndikanaganiza za banjo ya Allan Namoko ndi gulu lake la Chimvu River. Kusankhaku si kongokometsera. Akatswiri ofufuza za kukumbukira anapeza kuti anthu okalamba amakumbukira kwambiri zimene zinawachitikira ali pakati pa zaka 10 ndi 30, ndipo nyimbo za zaka zimenezo ndizo zimawadzutsira zakale mwamphamvu. Tinaziona ndi maso mu 2020, pamene Patience Namadingo anaimba pamodzi ndi Giddes Chalamanda nyimbo ya "Linny Hoo": achinyamata ankaimva ngati yatsopano, pamene akuluakulu ankamva nayo zina zimene sankazinena.

Nanga bwanji wailesi, osati foni? Chifukwa wailesi siifunsa munthu. Nyimbo ya pafoni umaisankha wekha, umakhala utakonzeka kuimva, ndipo ikatha umaibwereza. Ya pawailesi imakupeza uli ndi mpeni m'manja ukusema mpini, ndipo ikatha yatha. Wolemba wanzeru amagwiritsa ntchito malire amenewa. Nyimbo za nthawi imeneyo zambiri sizinkapitirira patali mphindi zitatu, ndiye nkhani yonse ikhoza kukhala m'kati mwa mphindi zitatuzo. Mabatire akhoza kukhala ofooka, mawu n'kumazilala, mkuluyo n'kusendeza khutu pafupi. Muulutsi akhoza kuidula pakati kuti awerenge moni kapena uthenga wa maliro. Chilichonse mwa zimenezi chimamulanda mkuluyo nyimbo yake, ndipo wowerenga amayamba kuopa naye limodzi kuti ingathe asanaimve bwino.

Tsopano tilowe m'nkhani yathu. Ndi mwezi wa Juni, kunja kukuzizira, dzuwa lapendeka. Mkuluyu wakhala pampando wa ndalema, akusoka nsapato ya mdzukulu. Akazi ake ali pamphasa akusenda mtedza m'lichero. Chitoliro chikungoyamba kulira, ndipo singano yaima. Apa wolemba asathamangire kutiuza kuti mtima wa mkuluyo unasweka kapena kuti misozi inalengeza m'maso. Atiuze za manja. Singano yaima m'chikopa, ulusi uli lendee, phazi lakumanzere layamba kugunda pansi mwini wake osadziwa. Thupi limaikumbukira nyimbo mutu usanazindikire, ndipo wowerenga akaona phazilo amadziwa yekha zotsalazo.

Kukumbukira kukayamba, chiyeso chachikulu ndi kufuna kunena zonse. Ine ndimati sankhani tsiku limodzi. M'nkhani yathu ndi tsiku limene mnyamatayu anapereka chikole. Anali atamuona mtsikanayo kangapo panjira ya kuchitsime, anatumiza kalata kudzera mwa mng'ono wake wa mtsikanayo, ndipo yankho linabwera patapita masabata awiri. Tsiku la chikolelo anagula mpango ndi sopo pagolosale, ndipo pakhonde la golosaleyo wailesi inkaimba nyimbo yomweyi. Mtsikanayo analandira atayang'ana pansi, chala cha kuphazi chikujambula m'fumbi. Ndi zokhazo. Palibe chifukwa chofotokozera za makolo ake onse awiri kapena za sukulu imene anaphunzira. Mtundu wa mpangowo ndi fungo la sopoyo zimanyamula zambiri kuposa tsamba lathunthu la mbiri.

Koma kukumbukira kokha si nkhani. Nkhalamba ikangomva nyimbo, n'kukumbukira, n'kumwetulira, ndiye kuti palibe chachitika. Payenera kukhala mfundo imene nyimboyo ikuikoka lero lino, pakhonde pomwepo. Olemba ambiri amasankha yakuti mkazi wa nyimboyo anamwalira ndipo mkuluyo watsala yekha. Imeneyo imakhudza, koma wowerenga amaidziwiratu kuyambira mzere woyamba. Ine ndimaikonda ina: mayi amene akusenda mtedza pamphasawo si mtsikana wa nyimbo ija.

Mbiri ya dziko lathu imatipatsa chifukwa chake popanda kupeka. Mnyamatayu atapereka chikole analembetsa ku Wenela mu 1973, kukafuna ndalama za malata ndi njinga kumigodi ya ku Joni, pa mgwirizano wa zaka ziwiri. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndipo Amalawi 74 anafa. Boma la Kamuzu Banda linaimitsa kulemba anthu opita kumigodi. Taganizani mudzi umene ukumva pawailesi za ngoziyo, makalata akuchedwa, wina akuti uje analimo, wina akuti ayi. Ankhoswe anali asanakhale pansi, choncho panalibe chomangira mtsikanayo koma mpango. Pamene mnyamatayu ankatsika basi ndi sutikesi yake, anapeza ali pabanja kale m'mudzi wina. M'nkhani yaifupi zonsezi zisapitirire ziganizo zinayi kapena zisanu. Owerenga achikulire amadziwa okha kulemera kwa mawu akuti Wenela, ndipo achinyamata amangofunika chaka ndi ndegeyo.

Mukaona bwino, mphamvu ya nkhani yachoka ku 1972 yabwerera pakhonde. Mkuluyu akufuna kumvetsera ndi mtima wonse, koma pambali pake pali mayi amene wakhala nawo zaka zoyandikira 50, amene anamulera atadwala, amene anaika naye ana kumanda. Kodi abise? Akhosomole, atembenukire kumbali? Pamenepa wowerenga sakufunsanso za mtsikana uja. Akufunsa ngati mayiwa akudziwa.

Vuto lina ndi mawu a nyimboyo. Olemba ena amadzaza theka la tsamba ndi mawu a nyimbo yeniyeni, poganiza kuti wowerenga aimva m'mutu mwake. Papepala mawu a nyimbo amakhala ouma, chifukwa chimene chinkagwira mtima ndi kulira kwa chitoliro ndi kugunda kwa babatoni. Komanso mawuwo ali ndi eni ake, ndipo dziko lino lili ndi bungwe la COSOMA loteteza umwini wa ntchito zotere. Njira yabwino ndi kufotokoza mmene nyimboyo ikumvekera m'khutu la mkuluyo: pamene chitoliro chikukwera, pamene gitala akuyankha, pamene iye akudziwa kuti kwatsala kamphindi kuti ithe. Mwinanso dzina la nyimboyo salikumbukira n'komwe, ndipo zimenezo ndi zoona kwa anthu ambiri. Mdzukulu akabwera n'kunena kuti, "Agogo, tchulani dzina lake ndikupezereni pafoni," mkuluyo alibe choyankha. Chimene akuchidziwa ndi golosale ndi mpango.

Chilankhulo cha anthu awiriwa nachonso chiyenera kukhala cha msinkhu wawo. Banja la zaka zimenezi silitchulana maina wamba. Amaitanana ndi mfunda kapena ndi dzina la mwana woyamba, ndipo amalankhulana ndi "inu". Mayiwa sanganene kuti akuchita nsanje, ndipo mkuluyu sangapepese ndi mawu. Wolemba akawapatsa zokambirana zazitali zofotokoza zakukhosi, amakhala walemba anthu a mufilimu, osati a pakhonde la kwathu. Zimene akunena zikhale za mtedza, za mabatire, za mphepo, koma pansi pake pakhale nkhani inayo.

Ndiye nkhani yathu ndingaimalize motere. Nyimbo ili pakati, mabatire akufooka, ndipo mkuluyu, pofuna kusonyeza kuti sizikumukhudza, watambasula dzanja kuti azimitse wailesi. Mayi aja, osakweza maso kuchoka m'lichero, akuti, "Isiyeni ithe, bambo a uje. Si ndi yanu ija?" Kenako adzuka pang'onopang'ono, monga adzukira munthu wa nyamakazi, alowa m'nyumba, ndipo atuluka ndi mabatire awiri amene amasungira tochi. Pamene mkuluyu akumaliza kuwaika, manja akunjenjemera, muulutsi wayamba kale kutchula nthawi ndi kuwerenga moni wa anthu a ku Ndirande. Mayi aja abwerera pamphasa, akankhira lichero pakati pawo, ndipo mkuluyu waika nsapato pansi n'kuyamba kusenda nawo mtedza.