Kompyuta yodziwa tsiku loodera katundu ku Kamwala

Ku Kamwala, kummwera kwa pakati pa mzinda wa Lusaka, masitolo ansalu, mabulangete, nsapato ndi ziwiya aima mondondozana, ndipo ambiri amagulitsa zinthu zofanana. Ogula ambiri kuno si ogula chimodzichimodzi. Ndi amayi ndi abambo oodera misika ya ku Kabwata, Chelstone, ngakhale ku Chipata, amene amafika m'mawa ndi ndalama m'manja, basi yobwerera ikuwadikira. Munthu wotere mukamuuza kuti "zatha mayi, bwerani mawa," sabwera mawa. Amalowa khomo lotsatira, ndipo akalandiridwa bwino kumeneko, mwezi wamawa adzayambira komweko.

N'chifukwa chake nkhani ya kaundula wa katundu wa pa kompyuta ndi yaikulu kuno. Kaundulayu amachita ntchito ziwiri: amachenjeza katundu akatsika kufika pa mlingo woti muode, ndipo amawerengera yekha kuchuluka kwa zoti muode. Ena ali naye kale m'makina apakauntala. Kuyambira mu Julaye 2024 bungwe la misonkho la Zambia Revenue Authority linalamula amalonda olembetsa msonkho wa VAT kuti malisiti awo azidutsa mu Smart Invoice, choncho malonda a masitolo aakulu amalembedwa kale pa kompyuta. Koma wa sitolo yaing'ono akhoza kudzipangira wake mu Excel kapena Google Sheets, ndipo masamu ake ndi omwewo.

Tiyerekeze sitolo yogulitsa zitenje za mtundu umodzi wotchuka, zochokera ku Dar es Salaam kudzera pa chipata cha Nakonde. Pa tsiku zimatuluka zitenje 12. Kuchokera pamene mwatumiza oda mpaka belo kufika pakhomo, nthawi zambiri pamapita masiku 10 amalonda. M'masiku amenewo mugulitsa zitenje 120, ndiye mukaoda zitatsala zochepera pamenepo, shelefu ikhala yopanda kanthu lole isanafike. Koma aliyense woitanitsa katundu pa msewu wa Great North amadziwa kuti malole amaima pamzere pa Nakonde, ndipo masiku 10 amasanduka 15. Masiku 5 owonjezerawo amafuna zitenje zina 60 zongodikira tsoka. Mlingo wochenjezera ndiye ndi 180. Zitenje zikatsika kufika apa, mzere wake uyenera kufiira.

Tsono muode zingati? Apa mwini sitolo amasankha yekha kuti oda imodzi imusunge masiku angati. Tinene kuti 20, zomwe ndi zitenje 240. Mukaphatikiza ndi 180 zija, denga lake ndi 420. Lero mwawerenga mwapeza 165, ndipo palibe belo lili panjira. Chosowa ndi 255. Koma wogulitsa sangakumasulireni belo. Ngati mu belo muli zitenje 50, kaundula akweze nambalayo kufika 300, mabelo 6.

Pa tebulo la pa kompyuta, ikani zomwe zilipo mu B, zomwe zili panjira mu C, zotuluka pa tsiku mu D, masiku odikira mu E, masiku a chitetezo mu F, masiku a oda imodzi mu G, ndi kukula kwa belo mu H. Kenaka mu I, J ndi K lembani izi motsatana:

```
=D2*(E2+F2)
=IF(B2+C2<=I2,"ODA","ZILIPO")
=IF(B2+C2<=I2,CEILING(I2+D2*G2-B2-C2,H2),0)
```

Danga la C musalione kuchepa. Mukaoda mabelo 6 aja lero koma osalemba kuti ali panjira, mawa kaundula adzaona zitenje 153 pa shelefu n'kukuuzaninso kuti muode. M'sitolo momwe bambo ndi mwana onse amaitanitsa katundu pa foni, apa ndi pomwe oda imatumizidwa kawiri, ndalama ya lendi n'kugona m'mabelo.

Cholakwika chomwe ine ndimachiopa kwambiri sichioneka ndi maso, chifukwa masamu ake amakhala olondola. Nambala ya zotuluka pa tsiku kompyuta imaipeza pogawa malonda a mwezi ndi masiku a mweziwo. Tsono taganizani kuti mwezi watha munatsegula masiku 26, koma zitenje zija zinalipo masiku 16 okha, munagulitsa 192, kenaka zinatha. Kompyuta ikagawa 192 ndi 26 ipeza zitenje 7 ndi kakang'ono pa tsiku. Iyo sidziwa za amayi amene anafunsa n'kubwerera m'masiku 10 aja, pakuti wobwerera salandira lisiti. Mlingo wochenjezera utsika kuchoka pa 180 kufika cha m'ma 110, muoda mochedwa ndiponso zochepa, zithanso msanga, nambala n'kutsikanso mwezi wotsatira. Katundu amene akuyenda kwambiri ndi amene amafa mwanjira imeneyi. Chizindikiro chake n'chakuti chinthu chimene chimatha kawirikawiri chikuoneka ngati malonda ake akuchepa. Mankhwala ake ndi kugawa ndi masiku okhawo amene katundu analipo: 192 kugawa ndi 16, mubwerera pa 12.

Nyengo nayo imasokoneza. Bulangete limene mu Okutobala limangodya fumbi, mu Juni limathamangiridwa. Yunifolomu, makope ndi nsapato za sukulu zimatuluka mu Januwale. Kaundula woyang'ana masabata anayi apitawo adzakuchenjezani za mabulangete kuzizira kuli pakati. Katundu wa nyengo muyerekeze ndi mwezi womwewo wa chaka chatha, ndipo danga la D mulisinthe ndi dzanja nthawi isanakwane. Ngakhale apo pali malire. Mu 2024 boma linasuntha tsiku lotsegulira sukulu kuchoka mu Januwale kufika pa 12 Febuluwale chifukwa cha kolera. Palibe tebulo likanalosera zimenezo. Mwini sitolo womvera nkhani pa wailesi ndi amene akanaimitsa oda yachiwiri.

Kenaka pali nambala ya mu B, imene zonse zatsamirapo. Chitenje chimene m'bale wanu watenga pangongole, chimene chanyowa ndi mvula m'nkhokwe, chimene chagulitsidwa magetsi atazima n'kulembedwa pa kapepala, kompyuta imachionabe kuti chilipo. Chaka cha 2024 chomwecho, madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo sitolo yopanda batire kapena jenereta inkabwerera ku cholembera. Kaundula akanena kuti zilipo 200 pamene pa shelefu pali 150, sachenjeza, ndipo inu mudzamva za vutoli kwa wogula. Kutseka sitolo kuti muwerenge zonse kamodzi pa chaka sikuthandiza pa izi. Sankhani mitundu 20 kapena 30 imene imabweretsa ndalama zambiri, muziiwerenga sabata iliyonse, ingapo tsiku lililonse musanatsegule, ndipo wowerenga asaone kaye nambala ya mu kompyuta, kuti asangovomereza. Zikasiyana, konzani nambala ndipo lembani chifukwa chake pambali.

Masiku odikira nawonso asakhale amodzimodzi pa katundu yense. Makope amene mumatenga kwa wopikulitsa wa mu Kamwala momwemo, mnyamata wa wilibala amabwera nawo tsiku lomwelo, ndiye mu E mulembe 1 ndipo musamangirire ndalama pa katundu wodikira tsoka. Katundu wa ku Johannesburg wodzera pa Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula akhale ndi nambala yakeyake. Oda iliyonse lembani tsiku lotumiza ndi tsiku lofika. Zikakwana maoda asanu kapena asanu ndi limodzi, masiku apakati alowe mu E, ndipo kusiyana kwa apakatiwo ndi oda imene inachedwetsetsa kulowe mu F.