Mwalephera Kukafotokoza Lipoti? Pepesani, Ndipo Tchulani Tsiku Lina

Tiyerekeze kuti mlembi wa kopaletivi ya alimi amayenera kufotokoza lipoti la malonda a soya pamaso pa bodi Lachiwiri, 9 koloko m'mawa. Usiku mwana wake wadwalika, ndipo kwamuchera ali kuchipatala. Mamembala, ena atalipira minibasi kuchokera kutali, adikira ola lathunthu n'kubalalika osagamula mtengo wogulitsira. Kodi mlembiyo achite chiyani?

Choyamba aimbire foni wapampando akangopeza mpata, koma kalata ifike tsiku lomwelo kapena mawa lake. Foni imaziziritsa mtima wa munthu mmodzi, pomwe kalata imawerengedwa pamsonkhano ndi kusungidwa m'fayilo. Ikachedwa sabata, anthu amakhala ataganiza kale kuti mwini wake alibe nazo ntchito.

Kalatayo ikhoza kukhala motere:

"Wolemekezeka a Wapampando, ndikupepesa kwa inu ndi kwa mamembala onse kuti sindinabwere kudzafotokoza lipoti la soya Lachiwiri pa 4 mwezi uno. Ndinali kuchipatala ndi mwana wanga, komabe ndinalakwa posakudziwitsani msanga. Ndikudziwa kuti munataya nthawi ndi ndalama zoyendera, ndiponso nkhani ya mtengo yaima. Ngati mungalole, ndidzafotokoze Lachisanu pa 7 kapena Lachiwiri pa 11. Masikuwa akapanda kukuyenerani, ndidzatsatira limene mungasankhe. Lipotilo ndatumiza pamodzi ndi kalatayi. Ine wanu, Mlembi."

Onani kuti kupepesa kwatsogola, ndipo chifukwa chabwera pambuyo m'chiganizo chimodzi chokha. Kalata yoyamba ndi ndime zitatu za mavuto a wolemba imamveka ngati yodziikira kumbuyo. Mawu akuti "ngati ndinakukhumudwitsani" nawonso amawononga, chifukwa amakayikira cholakwa chimene aliyense anachiona. Chifukwa chake chikakhala kuiwala kapena kusokoneza masiku, nenani zomwezo. Maliro opeka amaululika, ndipo akaululika mlandu umakula kuposa woyamba uja.

Pagona nkhani ndi pa tsiku latsopanolo. Kulemba kuti "tsiku lililonse" n'kusenzetsa wapampando ntchito yokufunirani nthawi, ndipo kutchula tsiku limodzi lokha kumamveka ngati kulamula akuluakulu. Masiku awiri amapatsa anthu posankha. Asatalikire kwambiri, pakuti ogula soya sadikira, koma asakhalenso mawa lenilenilo pamene okhala kutali sangakonzeke. Musanawatchule, tsimikizani kuti simudzakhala ndi china chokugwirani, ndipo pezani mnzanu amene angafotokoze m'malo mwanu zitavutanso.

Kumbukiraninso kuti mwayi wachiwiri ndi pempho chabe. Bodi ikhoza kukana, kapena kungowerenga lipotilo popanda inu. Pakatha masiku atatu osayankhidwa, kumbutsani kamodzi mwaulemu. Akakupatsani tsiku, fikani anthu asanasonkhane, mapepala ali m'manja, pepesani mwachidule n'kulowa m'nkhani ya soya. Kulephera kachiwiri palibe kalata imene ingakukonzereni.