Chigamulo cha bodi chosainirana popanda msonkhano

Tiyerekeze kampani yogula soya ku Lilongwe yomwe ili ndi madayirekitala anayi. Banki yavomera kuibwereketsa K30 miliyoni, koma ikufuna chigamulo cha bodi pofika Lachisanu. Dayirekitala mmodzi ali ku Mzuzu, wina ku Joni. M'malo moitanitsa msonkhano, mlembi wa kampani amatumizira aliyense kalata yokhala ndi chigamulo cholembedwa kale kuti asainire.

Asanalembe, mlembi amayamba waona malamulo a kampaniyo pamodzi ndi lamulo la makampani la 2013, kuti atsimikize kuti njirayi ndi yololedwa komanso kuti pakufunika masiginecha angati. M'makampani ambiri amafunika onse. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Pamsonkhano, atatu akavomera mmodzi nakana, nkhani yadutsa, chifukwa wokanayo wamvedwa ndipo anzake amuyankha. M'kalata mulibe kukambirana, n'chifukwa chake mmodzi akapanda kusaina, chigamulo palibe. Kukhala chete sikuvomera. Mlembi amene amalemba kuti "tikapanda kumva kwa inu titenga kuti mwavomera" akuika kampani m'mavuto.

Kalata yabwino imanena chifukwa chomwe nkhaniyo singadikire msonkhano, kenako imapereka mawu enieni a chigamulo: ngongole ndi ya ndalama zingati, chikole ndi chiyani, ndani apatsidwe mphamvu zosainira kubanki. Kalata ya banki yonena za chiwongoladzanja iyenera kutsagana nayo. Ine ndimaumirira pamenepa, chifukwa dayirekitala amene wasainira zomwe sanawerenge adzayankhabe mlandu ngongoleyo ikadzavuta. Kalata ya mlembiyo imakumbutsanso kuti amene nkhaniyo ikumukhudza payekha aulule, monga ngati nyumba yoikidwa chikole ndi ya mchimwene wake. Kumapeto imatchula tsiku lobwezera kalatayo.

Aliyense akhoza kusaina pepala lakelake n'kulitumiza pa imelo, ngati malamulo a kampani alola, bola mawu afanane m'mapepala onse. Tinene kuti wa ku Mzuzu wafufuta K30 miliyoni n'kulemba K20 miliyoni ndi cholembera asanasaine. Pamenepo wavomera chinthu china, osati chimene anzake avomera. Mlembi asabise zimenezi kapena kumunyengerera pafoni kuti angosaina. Auze wapampando, ndipo atumize chigamulo chatsopano kwa onse anayi kapena aitanitse msonkhano, ngakhale wa pafoni.

Tsiku la chigamulo ndi lomwe womaliza wasaina. Atatu akasaina Lolemba, wa ku Joni nasaina Lachinayi, chigamulo ndi cha Lachinayi, ndipo kulemba tsiku la m'mbuyo pofuna kukondweretsa banki ndi chinyengo. Masiginecha akakwana, mlembi amadziwitsa onse kuti chadutsa, amasunga mapepalawo m'buku la maminitsi, natumiza ku banki kope limene iye walisainira kutsimikiza kuti ndi loona. Bodi ikadzakumananso, amalemba m'maminitsi kuti chigamulocho chidadutsa pa tsiku lakutilakuti.