Mukagulitsa matiresi ogonapo kale, nenani zomwe chithunzi sichionetsa

Mpando kapena tebulo munthu amatha kugula atangoona chithunzi. Matiresi ayi. Chithunzi sichionetsa ngati pakati panafwa, sichitulutsa fungo, ndipo nsikidzi sizibwera poyera kudzajambulitsa. Wogula amadalira mawu anu, ndiye akanyamuka ku Bangwe kupita ku Chilomoni, kulipira minibasi ziwiri, n'kupeza zosiyana ndi zomwe munalemba, mwamubera ndalama ya thiransipoti ngakhale asagule. Komabe zolengeza zambiri zomwe timaona pa WhatsApp ndi pa Facebook zimangoti "matiresi abwino, otchipa, imbani." Mawu amenewa sauza munthu chilichonse.

Tiyerekeze kuti mukusamuka ndipo muli ndi matiresi a siponji a dabulo, omwe munagula ali mainchesi 8 ndipo mwagonapo zaka zinayi. Musalembe msanga kuti ndi a mainchesi 8, chifukwa umenewo unali muyeso wa tsiku lomwe munagula. Siponji imatha mosafanana: m'mbali imakhalabe yonenepa, koma pomwe pamafika chiuno ndi mapewa imaphwa. Munthu woyeza m'mphepete mokha amapeza nambala yosangalatsa koma yonama.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Chotsani zofunda zonse, tsitsani matiresiwo pabedi n'kuwagoneka pasimenti yosalala. Yezani m'mbali ndi tepi kapena lula. Mainchesi 8 ndi pafupifupi masentimita 20. Kenako tengani thabwa lowongoka kapena mtengo wa mopu, muupingase pamwamba pa matiresi podutsa pamalo pomwe mumagona. Mpata womwe watsala pakati pa mtengowo ndi nsalu ya matiresi ndiko kuphwa kwake. Mukapeza masentimita 3, lembani choncho: m'mbali 20, pakati palowa ndi 3. Yezaninso m'litali ndi m'lifupi. Dabulo nthawi zambiri amakhala pafupifupi masentimita 137 m'lifupi ndi 188 m'litali, koma mabedi ambiri kwathu kuno amakhomedwa ndi akalipentala a m'dera, aliyense ndi muyeso wake, ndiye wogula ayenera kukhala ndi manambala oti akayerekeze ndi bedi lake.

Kulimba ndi nkhani ina, yosiyana ndi kunenepa. Matiresi akhoza kukhala onenepa koma ofewa moti ukagona umamva matabwa a bedi kunsana. Mawu oti "olimba" pawokha sathandiza, chifukwa zomwe zili zolimba kwa mwana wa sukulu n'zofewa kwa bambo wa makilogalamu 90. Choncho nenani zomwe zimachitika munthu akagonapo. Khalani pakati pa matiresiwo ali pansi: kodi mukumva simenti? Dinikizani ndi chibakera n'kuchotsa: siponji ikabwerera nthawi yomweyo idakali ndi moyo, ikasiya dzenje kwa kanthawi ndiye kuti yatopa. Mukhoza kulemba kuti "munthu wa makilogalamu 70 akagona samva bedi, koma akakhala m'mphepete amalowa kwambiri." Ngati ndi a masipuling'i, yendetsani dzanja paliponse mukudinikiza, mumve ngati pali waya wobaya kapena polira. Wogula yemwe amavutika ndi msana amafunitsitsa kudziwa zimenezi, ndipo ndi iyeyo amene angapwetekeke kwambiri mukabisa.

Pa madontho m'pomwe ogulitsa ambiri amachita manyazi, n'kuyala shiti yatsopano asanajambule. Jambulani matiresi ali osavala, masana, mbali zonse ziwiri, ndipo dontho lililonse lalikulu mulijambule pafupi mutaikapo dzanja kuti kukula kwake kuoneke. Nenaninso chomwe chinalibweretsa, chifukwa madontho sali ofanana. Tiyi wotayika ndi chikasu cha thukuta zimakhala pansalu yapamwamba ndipo anthu ambiri sadandaula nazo. Mkodzo wa mwana umalowa mpaka m'kati mwa siponji, moti kupukuta pamwamba sikuuchotsa. Timadontho takuda kapena tobiriwira kunsi kwa matiresi omwe ankagonekedwa pasimenti ndi nkhungu yobwera ndi chinyezi, ndipo imavutitsa anthu a mphumu.

Pali madontho ena omwe ayenera kuimitsa malonda onse. Tsegulani msoko wa m'mphepete ndi zala, muunike ndi tochi ya foni, makamaka m'makona. Mukaona timadontho takuda tothithikana ngati ta bolopeni, timazira toyera tating'ono kapena makoko a tizilombo, zimenezo ndi nsikidzi. Zimatha kukhala miyezi ingapo osayamwa magazi, ndiye kunena kuti matiresiwo akhala osagonedwa kwa nthawi sikutsimikizira kuti zinafa. Kuwayanika padzuwa tsiku limodzi sikokwaniranso, chifukwa zimathawira kumthunzi ndi m'misoko. Ine maganizo anga ndi akuti matiresi otere asagulitsidwe n'komwe. Mtengo ungatsike bwanji, wogulayo adzawononga ndalama zambiri popopera mankhwala nyumba yonse, ndipo ana ake ndiwo adzagone akudzikanda.

Fungo ndi lovuta chifukwa mphuno ya mwini nyumba inazolowera kale. Tsekerani matiresiwo m'chipinda usiku umodzi, m'mawa muitane mnzanu wosakhala pakhomopo adzanunkhize, ndipo mumuuze kuti asakunyengerereni. Fodya, utsi wa mbaula, chinyezi, mkodzo, mankhwala ophera tizilombo, chilichonse chomwe wanena, lembani. Musathire perefyumu kapena kuyanika tsiku lomwe wogula akubwera n'cholinga chobisa. Fungo la mkodzo limazilala siponji ikauma, koma limabwerera kunja kukachita chinyezi, ndipo wogula adzalimva mvula ikangoyamba mu Novembala kapena Disembala.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, cholengeza chanu chikhoza kumveka motere: "Matiresi a siponji a dabulo, masentimita 137 ndi 188. M'mbali ndi onenepa masentimita 20, pakati palowa ndi 3. Tagonapo anthu awiri kwa zaka zinayi. Ndi ofewerapo, koma bedi silimveka. Pali dontho la tiyi lalikulu ngati chikhatho mbali imodzi, onani chithunzi. Fungo palibe, nsikidzi palibe, bwerani mudzaone nokha m'misoko. Ali ku Chilomoni, mudzatenge nokha Loweruka kapena Lamulungu masana." Onjezeranipo mtengo, ndipo nenani ngati pali kukambirana.

Za katengedwe musazisiye kuti mudzakambirane wogula atafika pakhomo, chifukwa m'pomwe mikangano imayambira. Matiresi a siponji opyapyala amapindika n'kumangidwa ndi zingwe, ndipo wa kabaza akhoza kunyamula. A dabulo a mainchesi 8 amavuta kupinda ndipo amakoka mphepo panjinga, choncho galimoto ya kapikiapu ndiyo yabwino. A masipuling'i sapindidwa chifukwa mawaya ake amakhota osabwereranso. Nenani ngati galimoto imafika pakhomo kapena imaima kumsewu, chifukwa m'madera ngati Ndirande muli nyumba zambiri zofikako ndi wapansi basi, ndipo pamafunika anthu awiri onyamula. Nenaninso wolipira thiransipoti. Nyengo ya mvula muuzeni wogula abwere ndi pepala lalikulu lapulasitiki, poti siponji ikanyowa imatenga masiku kuti iume m'kati.

Pacholengezacho tchulani dera lokha. Malo enieni a nyumba muuze munthu amene mwagwirizana naye tsiku ndi nthawi, ndipo pakhomo pakhale munthu wina akamabwera. Musamuumirize kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba asanaone katunduyo. Akafika mulekeni agonepo, atembenuze, anunkhize ndi kuunika m'misoko, kenako alipire matiresi asanakwezedwe pagalimoto.