Anafika 4 koloko, mayeso anali a 14:00

Mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa chaka choyamba pa koleji ina kuno kwathu, anandiimbira foni tsiku lina Lachinayi madzulo. Poyamba sindinamve chomwe ankanena chifukwa mawu ankatuluka pamodzi ndi kulira, moti mtima wanga unathamangira ku maliro. Atapuma pang'ono anati, "Amalume, mayeso andidutsa."

Sanadwale, sanagonereze, ndipo minibasi sinamuchedwetse. Tsikulo anadzuka mbandakucha n'kuwerenga mpaka dzuwa linafika paliwombo. Anadya nsima, n'kubwereranso ku mabuku m'kachipinda kake ka lendi, foni atazimitsa kuti anzake asamusokoneze. Itakwana hafu pasiti 3 anasamba m'maso, anatenga zolembera ziwiri ndi chitupa chake cha sukulu, n'kuuyamba ulendo wa ku holo ya mayeso. Mumtima mwake ankati afika nthawi yabwino, kutatsala mphindi khumi kuti 4 koloko ikwane.

Anapeza zitseko zili zotseka, panja pali zii. Anasuzumira pa windo n'kuona anzake ataweramira mapepala, ena akuwerenganso zomwe alemba. Posakhalitsa woyang'anira mayeso analamula kuti zolembera ziikidwe pansi, ndipo anthu anayamba kutuluka. Mnzake wina atamuona anagwira pakamwa. "Iwe, unali kuti?"

Pa ndandanda ya mayeso yomwe inamatidwa pa bolodi, phunziro lake linalembedwa kuti 14:00 mpaka 16:00. Iye anawerenga kuti 4 koloko mpaka 6 koloko.

Ena atamva nkhaniyi anaseka, ena anati ndi kusasamala. Ine sindinaseke, chifukwa kulakwitsa kumeneku kuli ndi njira yake yomwe kumadzera, ndipo anthu ambiri ozindikira amagweramo. Kuno kwathu nthawi timaitchula ndi manambala khumi ndi awiri okha, kenako n'kuwonjezera mawu osonyeza mbali ya tsiku: 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana, 5 koloko madzulo, 9 koloko usiku. Agogo athu analibe n'komwe manambalawo, ankangopangana kuti tikumane dzuwa likapendeka, kapena tinyamuke tambala woyamba akalira. Wotchi ya maola 24 mwana amakumana nayo m'phunziro la masamu ku pulayimale, amalemba mayeso ake, n'kuiiwala, poti kunyumba, kumsika ndi kutchalitchi palibe amene amailankhula. Ndiye diso likaona 14:00 limafunafuna nambala yomwe khutu linazolowera. "Fotini" ndi "folo" zimamveka ngati zapachibale, choncho 1 uja amangotayidwa n'kutsala 4.

Kawerengedwe kake kenikeni n'kosavuta. Tsiku limayamba pakati pa usiku, pa 00:00, ndipo maola amawerengedwa mosabwerera m'mbuyo mpaka 23:59. Kuyambira 01:00 mpaka 12:00 manambala ndi omwe timawadziwa kale: 08:00 ndi 8 koloko m'mawa, 12:00 ndi 12 koloko masana. Pamene ife timabwerera ku 1 koloko, wotchi iyi imapitirira ku 13. Choncho nambala ya ola ikaposa 12, chotsanipo 12. Pa 14 mukachotsa 12 patsala 2, ndiye kuti 14:00 ndi 2 koloko masana, ndipo 16:00 ndi 4 koloko madzulo. Manambala awiri akumapeto ndi mphindi, sasintha: 15:30 ndi hafu pasiti 3.

Mtsikana uja potaya 1 wakutsogolo anachotsa 10 m'malo mochotsa 12. Aliyense wochita zimenezi amachedwa ndi maola awiri ndendende, kaya ndi pa 13:00, pa 15:00 kapena pa 19:00. Tsoka lake n'lakuti maola awiri ndiwo kutalika kwa mapepala ambiri a mayeso. Munthu wochedwa ndi mphindi khumi amapepesa n'kulowa. Wochedwa ndi maola awiri amafika anzake akusonkhanitsa mapepala.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi chifukwa chimene sanakayikire ngakhale pang'ono. Lolemba ndi Lachiwiri analemba mapepala a 08:00, ndipo anafika bwinobwino, chifukwa m'mawa mawotchi awiriwa amagwirizana. Masiku awiriwo anamutsimikizira kuti ndandanda akuidziwa kuwerenga. Kuwonjezera apo, kulakwitsako sikunadzionetse: 14:00 mpaka 16:00 ndi maola awiri, ndipo 4 mpaka 6 ndi maola awirinso. Zonse zinkaoneka zolongosoka. Ndi ngati telala amene tepi yake yoyezera inaduka kumapeto. Miyezo yake yonse imagwirizana, koma chovala sichimukwana mwini wake.

Komabe chizindikiro chinalipo pa pepala lomwelo. Nditamupempha kuti anditumizire chithunzi cha ndandandayo, ndinaona kuti pakati pa gawo la m'mawa ndi la masana panali gawo lina la 11:00 mpaka 13:00. Mwa kawerengedwe kake, limenelo likanakhala 11 koloko mpaka 3 koloko, maola anayi, pomwe mapepala ena onse anali a maola awiri. Akanaliyang'ana akanadabwa. Koma wophunzira pa bolodi amafufuza mzere wa phunziro lake lokha, amaukopera m'kope, n'kuchoka. Chizindikiro china chinali dzuwa. Unali mwezi wa Juni, pamene kuno 6 koloko imakwana kutada kale, ndipo koleji yomwe ophunzira ake ambiri amagona kunja kwa mpanda siingakonde kuwatulutsa m'mayeso mumdima. Ndinamufunsa ngati zimenezi sizinamudabwitse. Anati, "Ndinadabwa pang'ono, amalume, koma ndinati mwina holo ndi yochepa, akutisinthanitsa."

Mwina wina angafunse kuti bwanji makoleji osangolemba nthawi momwe timalankhulira. Yankho lili m'nkhani ina ya munthu amenenso anasiyidwa chifukwa cha ndandanda, koma mbali inayo. Sandford Fleming, injiniya wa njanji wobadwira ku Scotland amene ankagwira ntchito ku Canada, anasiyidwa ndi sitima ku Ireland m'chaka cha 1876 chifukwa, malinga ndi momwe nkhaniyo imasimbidwira, pa ndandanda anasindikiza p.m. pomwe pankayenera kukhala a.m. Timalemba tiwiriti ndi tachilatini, tosonyeza kuti dzuwa lisanafike paliwombo kapena litadutsapo, ndipo kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chokha. Fleming anakhala mmodzi mwa anthu olimbikitsa kwambiri kuti tsiku liziwerengedwa ndi maola 24 motsatizana, kuti ola lililonse likhale ndi nambala yakeyake. Dziko la Italy linayamba kugwiritsa ntchito njirayi mu 1893, ndipo lero ndi yomwe imalembedwa pa matikiti a ndege, m'mabuku a anamwino, kwa asilikali ndi pa mauthenga ambiri a pa foni otsimikiza kuti ndalama zatumizidwa. Namwino akalemba kuti wodwala amwe mankhwala 06:00 ndi 18:00, mnzake wolowa usiku sangafunse kuti 6 yake iti.

Choncho njirayi si yoipa. Inabwera kudzachotsa chisokonezo, ndipo imachichotsadi pakati pa anthu amene onse amaidziwa. Abale athu a ku Zambia amailankhula pakamwa tsiku ndi tsiku. Ku Chipata munthu akakuuzani kuti basi inyamuka fotini awazi, ngakhale mwana amadziwa kuti ndi masana nkhomaliro itangotha. Ku Mozambique nakonso n'chimodzimodzi. Mtsikana uyu akanakulira tsidya linalo la malire a Mchinji, sakanalira tsiku limenelo. Vuto limabwera pamene wolemba akugwiritsa ntchito wotchi ina, wowerenga akuganiza ndi ina, ndipo aliyense akuyesa kuti mnzake wamva.

Tsiku lotsatira ndinamuperekeza ku ofesi yoona za mayeso. Bambo amene tinawapeza anatilandira mwaulemu, koma anatitsegulira buku la malamulo. M'makoleji ambiri wophunzira saloledwa kulowa m'mayeso pakadutsa mphindi 30 chiyambireni, ndipo mwayi wolemba nthawi ina umaperekedwa kwa amene anadwala kapena anaferedwa, atabweretsa umboni. Kuwerenga ndandanda molakwika sikuwerengedwa ngati chifukwa. Ndinamvetsa. Akangolola mmodzi, mawa aliyense amene sanakonzeke adzanena zomwezo, atafunsa kale anzake mafunso omwe anabwera.

Koma ndinawauza bambowo maganizo anga, ndipo ndikuwabwerezanso pano. Ophunzira a chaka choyamba amachokera ku sukulu zosiyanasiyana, ndipo ena a iwo sanaonepo nthawi ya masana italembedwa motere kunja kwa buku la masamu. Mzere umodzi pansi pa ndandanda, wonena kuti 14:00 ndi 2 koloko masana, sudya ndalama. Mphunzitsi kunena pakamwa m'kalasi lomaliza kuti "tionana Lachinayi 2 koloko" sikutenga mphindi. Koleji ili ndi ufulu wosankha wotchi yomwe ikufuna, koma iyenera kudziwa ana amene yawalandira.

Kwa mwana wa mchemwali wanga ndinanenanso zake. Foni yake inali kale ndi wotchi yomwe ikanamuphunzitsa: pa gawo la `Date & time` pali posinthira kuti izionetsa maola 24, ndipo munthu akakhala nayo choncho sabata ziwiri, 17:00 amayamba kuiona ngati nthawi yoweruka popanda kuchotsera chilichonse. Ndinamusonyezanso njira yachidule ya 13 mpaka 19: taya 1 monga unachitira, koma pa nambala yotsalayo chotsaponso 2. Ikafika 20 ndi 21 njirayi siigwira, kumeneko ungokumbukira kuti ndi 8 ndi 9 koloko usiku. Ndinamuchenjezanso za pakati pa usiku, pomwe ngakhale akuluakulu amapunthwa. Tikiti ikalembedwa kuti Loweruka 00:30, ulendowo ndi wa usiku wa Lachisanu, patangopita mphindi 30 Loweruka litayamba. Wopita Loweruka usiku amapeza kuti wachedwa ndi tsiku lathunthu. Nthawi zina mudzaona 1400 popanda timadontho, kapena 14h00 monga amalembera ku South Africa. Zonsezi ndi 2 koloko yomweyo.

Phunziro lija analibwereza chaka chotsatira, ndipo amayi ake anagulitsa matumba a chimanga omwe ankasungira njala kuti alipire. Nditapita kukamuona nthawi ya mayeso itayandikanso, ndinapeza ndandanda yatsopano ataimata pakhoma pafupi ndi bedi. Pambali pa mzere uliwonse analembapo ndi cholembera chofiira: 8 m'mawa, 11 m'mawa, 2 masana. Anandiuza kuti atsikana atatu a chaka choyamba a m'nyumba yomweyo anabwera kudzakopera, ndipo mmodzi wa iwo anali atalemba kale m'kope mwake kuti pepala lake la 15:00 ndi la 5 koloko.